Kuchepetsa liwiro la mota popanda kuwononga batire

Choumitsira masamba chadzuwa chimafuna mphepo ya mlingo wake. Mphepo ikachepa, chinyezi chimatsalira mkati ndipo mfutso umayamba nkhungu. Ikachuluka, kutentha kumene bokosi lasonkhanitsa kumatuluka msanga, masamba n'kukhala osauma, batire nalo n'kutha dzuwa likadali m'mwamba. Ndiye fani ya mkatimo imayenera kuzungulira pang'onopang'ono m'mawa, n'kuwonjezera liwiro masana. Koma mota ya mavoliti 12 ukailumikiza ku batire imadziwa zinthu ziwiri zokha: kuima kapena kuthamanga ndi mphamvu zake zonse.

Ambiri amayamba ndi kuika rezisita pakati pa batire ndi mota kuti idye gawo la magetsi. Zimatheka ndithu, koma onani mtengo wake. Ngati mota ikukoka theka la ampu ndipo mukufuna kuti ilandire mavoliti 6 okha, mavoliti 6 otsalawo amathera pa rezisita, ndipo mawati 3 amasanduka kutentha kopanda ntchito. Batire likudyetsa rezisita mofanana ndi mmene likudyetsera mota. Kwa munthu wodalira sola imodzi padenga, kutaya kotere n'kosapiririka.

Njira ya amisiri ndi yosiyana. Magetsi sachepetsedwa ayi. Amaperekedwa onse, kenako amadulidwa onse, mobwerezabwereza, mofulumira kwambiri moti mota siimva kudukako. Woyendetsa kabaza pamalo athyathyathya amapalasa kangapo, n'kusiya, n'kupalasanso, koma njinga siima pakati chifukwa ili kale ndi liwiro. Akamapalasa nthawi yaitali kuposa yopumira, njinga imathamanga. Akamapumira kwambiri, imayenda mwakachetechete. Mota nayo imatsata chiwerengero chapakati cha magetsi amene ikulandira. Njira imeneyi m'mabuku ndi pa zipangizo imalembedwa kuti PWM. Switchi yotseka kotheratu kapena yotsegula kotheratu siitentha kwenikweni, choncho pafupifupi mphamvu yonse yochoka m'batire imafika ku mota.

Pali manambala awiri amene muyenera kusankha, ndipo anthu amawasokoneza kawirikawiri. Yoyamba ndi fulikwensi, ndiko kuti kuyatsa ndi kuzimitsa kukuchitika kangati pa sekondi imodzi, ndipo timaiyesa m'mahetsi. Yachiwiri ndi gawo loyaka: pa ulendo umodzi wa kuyatsa ndi kuzimitsa, magetsi akhala oyaka kwa gawo lalikulu bwanji. Fulikwensi mumaisankha kamodzi, molingana ndi mota ndi switchi yanu, kenako simuikhudzanso. Gawo loyaka ndilo mumasintha tsiku lonse kuti liwiro likwere kapena litsike. Munthu wosintha fulikwensi pofuna kusintha liwiro wagwira chingwe cholakwika.

Ntchito ya taima

Titenge bodi imene ophunzira ambiri a zamagetsi amayambira, Arduino Uno. Ntchito ya Arduino inayambira ku Ivrea m'dziko la Italy mu 2005, ndipo Uno inatuluka mu 2010. Pamtima pake pali chipu ya ATmega328P, imene wotchi yake imagunda ka 16,000,000 pa sekondi imodzi.

Mukhoza kuganiza kuti n'kokwanira kulemba pulogalamu yoti yatsa, dikira, zimitsa, dikira. Vuto ndi lakuti chipu ili ndi ntchito zina. Kuwerenga kamodzi chipangizo choyesa kutentha ndi analogRead() kumaitengera pafupifupi mamaikulosekondi 100. Pa fulikwensi imene tisankhe m'munsimu, ulendo wonse wa kuyatsa ndi kuzimitsa ndi mamaikulosekondi 50 okha. Ndiye kuti nthawi iliyonse imene pulogalamu yatembenukira ku choyesa kutentha, maulendo awiri athunthu adutsa switchi ili yoiwalika, yoyaka kapena yozima, ndipo mota idzagwedera.

N'chifukwa chake mkati mwa chipu muli mataima. Taima ndi kachipangizo kowerenga kodziimira pakokha. Wotchi ikagunda, iyo imawonjezera imodzi pa nambala yake, mosayang'ana zimene pulogalamu ikuchita. ATmega328P ili ndi mataima atatu. Timer0 ndi Timer2 amawerenga mpaka 255 basi, pomwe Timer1 imatha kufika 65,535. Timer0 ndi yosayenera kuikhudza, pakuti millis() ndi delay() zimadalira iyo, ndipo mukaisintha, nthawi yonse ya m'pulogalamu yanu isokonekera. Ife tigwiritsa ntchito Timer1, imene imatulutsira pa pini 9 ndi pini 10.

Kagwiridwe kake n'kosavuta kukamva. Taima imayamba pa 0, ndipo nthawi yomweyo pini 9 imayaka. Ikuwerenga chokwera, imadziyerekeza ndi nambala imene mwaika m'kabokosi kotchedwa OCR1A. Ikaipitirira, pini imazima. Imapitiriza kuwerenga pini ili chizimire mpaka ifike pa denga, nambala imene mwaika m'kabokosi ka ICR1, kenako imabwerera pa 0, pini n'kuyakanso. Denga ndilo likulamula fulikwensi, ndipo OCR1A ikulamula gawo loyaka. Mukangolemba manambala awiriwa, pulogalamu ikhoza kupita kukachita zina, taima ipitiriza yokha osaphonya ngakhale kugunda kumodzi.

Fulikwensi yoyenera mota yanu

Wina afunsa kuti, nanga si pali kale analogWrite()? Ilipodi, ndipo imagwiritsa ntchito mataima omwewa. Koma pa pini 9 imatulutsa mahetsi pafupifupi 490, ndipo pa pini 5 ndi 6 pafupifupi 980. Manambala amenewa ndi abwino pochepetsa kuwala kwa kababu, koma palibe amene anawasankha poganizira mota yanu. Mukalumikiza mota mumva kulira kopyapyala kosalekeza. Koilo ya mkati ikukokedwa ndi kusiyidwa ka 490 pa sekondi, ndipo khutu la munthu, limene limamva kuyambira mahetsi 20 mpaka pafupifupi 20,000, limamva kulirako bwinobwino. Kukweza pang'ono, kufika pa 2,000 kapena 4,000, kumangoipitsa zinthu, chifukwa pamenepo m'pamene khutu limamva mwakuthwa kuposa pena paliponse.

Phokoso ndi chizindikiro chabe cha nkhani yaikulu imene ikuchitika mkati, ndipo apa ndi pofunika kuchedwapo. Koilo ili ndi khalidwe lokana kusintha kwadzidzidzi kwa magetsi oyenda mwa iyo. Mukayatsa, maampu sakwera nthawi imodzi, amakwera pang'onopang'ono. Mukazimitsa, safa nthawi imodzi. Kuchedwa kumeneku kumapezeka pogawa mphamvu ya koilo ndi kukana kwa waya wake, L/R. Tiyerekeze kuti mota ya fani yathu ndi yamakaboni, waya wake ndi wa maomu 2, ndipo koilo yake ndi ya milihenire imodzi, manambala amene si achilendo pa mota zing'onozing'ono. Kuchedwa kwake ndi theka la milisekondi.

Pa mahetsi 490, ulendo umodzi ndi mamilisekondi 2, kanayi kuposa kuchedwa kwa koilo. Magetsi ali ndi nthawi yokwanira yokwera mpaka maampu awiri kapena atatu, kenako n'kutsika mpaka kutheratu switchi isanayakenso. Mota imene ikanakhutira ndi theka la ampu yoyenda mosadukiza ikulandira magetsi m'zibakera. Kutentha kwa waya kumakula ndi maampu owirikiza mwa iwo okha, choncho zibakera zoterezi zimatenthetsa koilo kuposa magetsi osalala ochita ntchito yofanana, ndipo makaboni nawo amathetheka kwambiri.

Pa mahetsi 20,000, ulendo umodzi ndi mamaikulosekondi 50, gawo limodzi mwa magawo khumi a kuchedwa kwa koilo. Magetsi asanakwere patali switchi yazima kale, asanatsike patali yayakanso. Pa gawo loyaka la theka, kukwera ndi kutsika konse kumakhala pafupifupi 0.15 ya ampu. Koilo yeniyeniyo yasalaza magetsi, ndipo mota ikumva ngati yalumikizidwa ku batire la mavoliti 6. Lamulo limene ine ndimatsata ndi limeneli: ulendo umodzi ukhale waufupi kwambiri kuposa kuchedwa kwa koilo, ndipo ngati chipangizo chikhala pafupi ndi anthu, fulikwensi ikhale pamwamba pa zimene khutu limamva.

Nanga bwanji osangokwera mpaka 100,000? Chifukwa switchi nayo ili ndi malire. Switchi yathu ndi mosifeti, ndipo kuti itseguke kapena itseke, chipata chake chiyenera kudzazidwa kapena kukhuthulidwa magetsi. Pini ya Arduino ndi yofooka, siyenera kupitirira mamiliampu 20 pa ntchito ya masiku onse. Poyendetsa mosifeti ngati IRLZ44N kudzera pa rezisita ya maomu 220, kusintha kulikonse kumatenga mamaikulosekondi awiri kapena kuyandikira apo. M'kanthawi kameneko mosifeti siili yotseka kapena yotsegula, ili pakati, ndipo ikutentha monga rezisita ija tinaikana. Pa 20,000, kusintha kuwiri kumadya mamaikulosekondi anayi mwa 50, zimene mota yaing'ono imapirira. Pa 100,000, ulendo wonse ndi mamaikulosekondi 10, ndipo anayi mwa iwo mosifeti ikupsa. Palinso china: fulikwensi ikakwera, denga limatsika, ndipo masitepe osinthira liwiro amachepa.

Masamu ake ndi awa, N akuimira chogawira wotchi, chimene pa Timer1 chikhoza kukhala 1, 8, 64, 256 kapena 1024:

```
f = 16000000 / (N * (ICR1 + 1))
```

Tikufuna 20,000. Tikasiya wotchi yosagawa, N kukhala 1, tipeza kuti 16,000,000 kugawa ndi 20,000 ndi 800. Poti kuwerenga kumayambira pa 0, denga ndi 799, ndipo tili ndi masitepe 800 a liwiro. Tikanasankha chogawira cha 8, denga likanakhala 99, fulikwensi yomweyo koma masitepe 100 okha. Choncho sankhani chogawira chaching'ono kwambiri chimene denga lake likukwana m'taima. Zogawira zikuluzikulu ndi za fulikwensi zotsika, monga mahetsi 50 a mota za sevo. Amene akufuna masamu osavuta akhoza kuika denga pa 999, n'kupeza mahetsi 16,000 ndi masitepe 1,000. Akuluakulu ambiri samva phokoso la 16,000, koma ana amalimva, ndipo adzakuuzani.

Mizere yolemba

```
void setup() {
  pinMode(9, OUTPUT);
  TCCR1A = 0;
  TCCR1B = 0;
  TCNT1  = 0;
  TCCR1A = _BV(COM1A1) | _BV(WGM11);
  TCCR1B = _BV(WGM13) | _BV(WGM12);
  ICR1   = 799;
  OCR1A  = 399;
  TCCR1B |= _BV(CS10);
}

void loop() {
}
```

Mizere ya ziro ikuimitsa taima ndi kufufuta zimene inali nazo. WGM11, WGM12 ndi WGM13 pamodzi zikusankha kagwiridwe ka nambala 14 m'buku la chipu, komwe taima imawerenga chokwera chokha ndipo ICR1 ndiye denga. COM1A1 ikupereka pini 9 m'manja mwa taima. Denga likulembedwa kagwiridwe katasankhidwa kale, chifukwa ICR1 siilandira nambala taima isanauzidwe kuti kabokosiko ndi denga. Mzere womaliza, wa CS10, ndiwo ukutsegula wotchi yosagawa, ndipo taima ikuyamba kuwerenga zonse zitakonzeka. Nambala 399 ikupereka masitepe 400 mwa 800, ndiye theka.

Kufufuta kuja si mwambo chabe. Arduino ikamadzuka, pulogalamu yanu isanayambe, imakhala itakonza kale Timer1 kuti izigwirira analogWrite(): yaika chogawira cha 64 ndi biti ya WGM10. Munthu akangowonjezera mabiti ake pamwamba pa amenewa osafufuta, zotsatira zake zimazunguza mutu. Chogawira cha 64 chikatsalira, m'malo mwa 20,000 mupeza mahetsi 312.5, mota n'kumang'ung'udza. WGM10 ikatsalira, taima imalowa m'kagwiridwe ka nambala 15, komwe OCR1A ndiye denga. Pamenepo pini siizimanso, ndipo mota imathamanga liwiro lonse, kaya mulembe nambala yanji. Munthu akhoza kutha tsiku lonse akusintha mawaya, vuto lili m'biti imodzi.

Musanalumikize mota, yesani ndi mita. Pakati pa pini 9 ndi GND iyenera kuonetsa mavoliti pafupifupi 2.5, theka la 5. Mukaika 199, ionetse pafupifupi 1.25. Ngati mita yanu ili ndi malo olembedwa Hz, ionetse 20,000. Kuyesa kumeneku kumalekanitsa vuto la pulogalamu ndi vuto la mawaya, ndipo kumapulumutsa zipangizo zimene kuzipezanso kumafuna ulendo wa m'tauni.

Pakati pa pini ndi mota

Pini siingayendetse mota, imangolamula mosifeti. Waya umodzi wa mota upite ku mbali yofiira ya batire kudzera pa fyuzi, winawo ku mwendo wapakati wa mosifeti, ndipo mwendo wotulutsira upite ku mbali yakuda ya batire. Mbali yakudayo ilumikizidwenso ku GND ya Arduino, apo ayi mosifeti siidziwa kuti mavoliti 5 akuyesedwa kuchokera pati. Pakati pa chipata ndi GND ikani rezisita ya maomu 10,000, kuti bodi ikamadzuka mota isadumphe yokha.

Pogula mosifeti yang'anitsitsani zilembo. IRLZ44N imatseguka mokwanira ndi mavoliti 5. IRFZ44N ndi IRF540, zimene maonekedwe ake ndi omwewo, zinapangidwira mavoliti 10 pa chipata. Pa 5 zimatseguka mwatheka, mota imayenda mofooka, ndipo chitsulo chake chimatentha moti chala sichikhalapo. Kabodi kofiira ka L298N, kamene kamapezeka m'mabokosi ambiri a ophunzira, kamadya mavoliti awiri kapena kuposa ndipo n'kochedwa kusintha. Kwa fani yozungulira mbali imodzi, mosifeti imodzi ikuposa kabodiko kutali.

Chosaiwalika ndi dayodi yoikidwa mopingasa mota, mzere wake woyera utaloza ku mbali yofiira. Mosifeti ikatseka, magetsi a m'koilo amafuna kopita. Popanda dayodi amakankha mavoliti okwera kwambiri pa mosifeti, ka 20,000 pa sekondi iliyonse, mpaka itafa. Ndi dayodi, magetsiwo amazungulira m'mota momwemo n'kupitiriza kuikoka, ndipo kusalala kuja tinawerengera pamwambapa kumadalira njira imeneyi. Pa fulikwensi yotere dayodi ikhale yofulumira, monga 1N5822 ya maampu 3. Ya 1N4007 ndi yochedwa kutseka ndipo imanyamula ampu imodzi yokha. Kapasita ya mamaikulofaradi 470 kapena 1,000 pafupi ndi mosifeti imathandiza kuti Arduino isamazime ndi kudzukanso mota ikamakoka.

Mosifeti yakufa kawirikawiri imafa ili yotsegula. Ngati mota ikuthamanga liwiro lonse ngakhale chipata mwachilumikiza ku GND, pulogalamu ilibe mlandu.

Theka la nthawi si theka la liwiro

Apa m'pamene ambiri amakhumudwa. Gawo loyaka limalamula mavoliti apakati, osati liwiro mwachindunji. Pa theka, batire la 12 likupereka 6. Koma mota ikakoka theka la ampu, voliti imodzi imathera m'waya wake wa maomu 2, ndipo 5 otsalawo ndiwo akufanana ndi liwiro. Katundu akalemera, maampu amakwera, waya umadya zambiri, liwiro limatsika ngakhale nambala ya mu OCR1A sinasinthe. Taima siidziwa kuti mota ikuzungulira kapena ayi. Amene akufuna liwiro lenileni losasuntha ayenera kuika choyesa kazunguliridwe, pulogalamu n'kumakonza nambalayo mosalekeza. Kwa choumitsira masamba zimenezo n'zopitirira muyeso.

Kumunsi kuli malo akufa. Pa magawo 10 kapena 15 mwa 100, mota zambiri zazing'ono sizinyamuka, chifukwa kukhuzana kwa makaboni ndi maberingi kumaposa mphamvu imene zalandira. Mota yoima ili pamagetsi ndi yoopsa: ikungotentha, ndipo palibe mphepo yoiziziritsa. Pano ndiyenera kunena chilungamo za fulikwensi yotsika. Zibakera zija za pa 490 zimagwedeza mota n'kuithandiza kunyamuka pa gawo laling'ono, pomwe magetsi osalala a pa 20,000 amaisiya ili duu. Ena amasankha fulikwensi yotsika pa chifukwa chimenechi, ndipo pa mota yoyenera kukwawa pang'onopang'ono sakulakwa. Koma pa fani pali njira yabwino kuposa kupirira phokoso.

Mota imafuna mphamvu yambiri kuti inyamuke kuposa kuti ipitirize kuyenda. Ndiye ipatseni chikoka chachikulu poyamba, kenako tsitsani:

```
OCR1A = 799;
delay(300);
OCR1A = 239;
```

Nambala 799 ndi magetsi onse, ndipo 239 ndi magawo 30 mwa 100. Dziwani kuti pa kanthawi koyambirira mota yathu ya maomu 2 ikoka mpaka maampu 6, choncho fyuzi ndi mawaya zikhale zopirira zimenezo. Pa mota yaikulu, kapena batire lofooka, ndi bwino kukwera pang'onopang'ono kwa sekondi imodzi kapena ziwiri kusiyana ndi kupereka zonse mwakamodzi.

Nambala yotsikitsitsa simungaipeze m'buku, muyenera kuifufuza pa mota yanu, fani itamangidwa kale m'malo mwake. Yambani pamwamba, muzitsitsa pang'onopang'ono mpaka fani itaima, mulembe nambalayo. Kenako onjezani kagawo kabwino pamwamba pake, chifukwa fumbi la mu Okutobala lidzalowa m'maberingi ndipo batire lidzafooka m'bandakucha. Ngati mwaika chopotokola pa pini A0 kuti mwini choumitsira azisintha yekha mphepo, musamupatse malo akufa aja:

```
OCR1A = map(analogRead(A0), 0, 1023, 239, 799);
```

Tsopano ngakhale apotokole mpaka kumapeto, fani siima ili pamagetsi. Kusintha nambalayi mota ikuyenda sikuvuta, pakuti taima imaisunga pambali n'kuyamba kuigwiritsa ntchito ulendo watsopano ukayamba.

Kuzimitsa kuli ndi kamsampha kake. Kulemba 0 mu OCR1A sikuzimitsa pini kotheratu, kumasiya kakuthwanima ka sitepe imodzi pa ulendo uliwonse. Kuti muzimitse zenizeni, lembani digitalWrite(9, LOW), imene imalanda pini m'manja mwa taima, ndipo pofuna kuyatsanso mubwezeretse biti ya COM1A1. Komanso mukakonza taima motere, musagwiritsenso ntchito analogWrite() pa pini 9. Iyo imaganiza kuti denga ndi 255, ndiye mukalemba 128 poyembekeza theka, mupeza magawo 16 okha mwa 100. Pini 10 ili pa taima yomweyo: fulikwensi yake ndi imodzimodzi, koma gawo loyaka lili ndi kabokosi kakekake, OCR1B, moti fani yachiwiri ikhoza kuyenda pa liwiro lina. Laibulale ya Servo nayo imalanda Timer1, choncho ziwirizi sizikhalira limodzi.

Batire la sola limabweretsa nkhani ina. Masana, likamatchajidwa, limafika mavoliti 14.4, ndipo usiku limatsikira ku 12. Theka la 14.4 ndi 7.2, pomwe theka la 12 ndi 6, ndiye fani imathamanga yokha dzuwa likakwera. M'choumitsira zimenezi ndi mwayi, chifukwa mphepo yambiri ikufunika nthawi yomweyo. Koma m'chofungatira mazira, momwe mphepo iyenera kukhala yofanana usana ndi usiku, pulogalamu iyenera kuyesa batire n'kumakonza: pofuna mavoliti 6, gawo loyaka likhale 50 mwa 100 pa 12, ndipo pafupifupi 42 pa 14.4.

Phindu la ntchito yonseyi limaonekera bwino pa fani kuposa pa katundu wina. Mphamvu imene mapiko amafuna imakula ndi liwiro lochulukitsidwa mwa ilo lokha katatu. Mukatsitsa liwiro kufika pa magawo 70 mwa 100, mapiko amafuna pafupifupi gawo limodzi mwa atatu la mphamvu ija. Mota ili ndi zotaya zakezake, ndiye batire silipulumutsa zonsezo, komabe kusiyana kwake mudzakuona pa maola amene likukhalitsa.

Zonse ndanenazi ndi za mota yamakaboni, ya mawaya awiri opita ku koilo mwachindunji. Fani yochotsedwa m'kompyuta ndi mtundu wina: mkati mwake muli kachipu koyendetsa makoilo, ndipo kudula magetsi ake ka 20,000 pa sekondi kumakasokoneza. Ngati fani yanu ili ndi mawaya anayi, isiyeni ilandire mavoliti 12 mosadukiza, ndipo PWM ipite ku waya wachinayi, umene unaikidwira ntchito imeneyi. Fani zotere zimayembekeza mahetsi 25,000. M'mizere ija sinthani ICR1 ikhale 639, ndipo theka lidzakhala 319.